Seko ya m'kati ndi seko ya kunja: pamene ndafika sabata ino

Lamlungu lachitatu ili ndili pa nkhani imodzi yomweyi. Kuno ku Joni chisanu cha Juni sichilola munthu kuyendayenda, ndiye ndimangokhala m'kachipinda kanga ku Rosettenville ndi kampasi, rula ndi katoni ya sitolo. Funso langa ndi ili: ngati ndikudziwa mbali zitatu za thirayango, kodi seko yokhudza mbali zonse m'kati mwake ndi seko yodutsa pa makona onse atatu zikhala ndi rediyasi yotani, ndisanajambule n'komwe?

Ndinasankha thirayango ya masentimita 13, 14 ndi 15 chifukwa manambala ake sadula mutu. Poyamba pamafunika eriya, ndipo njira ya Heron wa ku Alexandria imaipeza kuchokera ku mbali zokha:

```
s = (a + b + c) / 2
A = √(s(s − a)(s − b)(s − c))
r = A / s
R = abc / (4A)
```

Apa a, b ndi c ndi mbali zitatu zija, A ndi eriya, r ndi rediyasi ya seko ya m'kati, ndipo R ndi rediyasi ya seko ya kunja. Mbali zonse pamodzi ndi 42, theka lake, lomwe ndi s, ndi 21. Kuchotsa mbali iliyonse pa 21 kumasiya 8, 7 ndi 6. Kuchulukitsa 21 ndi atatuwa kumapereka 7056, ndipo sikweya ruti yake ndi 84 ndendende. Imeneyo ndiye eriya.

Apa m'pamene ndinagwa sabata yatha. Ndinagawa 84 ndi 42 m'malo mwa 21, n'kupeza kuti r ndi 2. Nditajambula, kaseko kanga kanali ngati dzira m'lichero, osakhudza mbali ndi imodzi yomwe. Achimwene amene timakhala nawo pulotu imodzi, omwe ndi kalipentala, anasuzumira nati, "Aphwanga, lembani mizere kuchokera pakati pa sekoyo kupita ku makona, muone chimene chituluke."

Chinatuluka ndi mathirayango atatu ang'onoang'ono. Iliyonse yakhalira pa mbali imodzi ya thirayango yaikulu, ndipo msinkhu wake ndi r, popeza rediyasi imaima chilili pa mbali imene seko yakhudza. Eriya ya iliyonse ndi theka la mbaliyo kuchulukitsa ndi r. Mukaphatikiza zitatuzo mupeza r kuchulukitsa ndi theka la mbali zonse. Theka lija ndinkaliiwala chifukwa ndinangololoweza osadziwa kumene likuchokera. Tsopano 84 kugawa ndi 21 ndi 4, ndipo kampasi nditaitsegula masentimita 4, seko inakhudza mbali zonse zitatu bwinobwino.

Ya kunja sinandivute. Kuchulukitsa 13, 14 ndi 15 kumapereka 2730, kugawa ndi 336, yomwe ndi eriya kanayi, yankho 8.125.

Chimene chandisangalatsa lero n'chakuti 8.125 ili pafupi kwambiri ndi 8, ndiye kuti r kawiri. Si mwangozi ayi. R singachepere r kawiri, ndipo zimafanana ndendende pokhapokha mbali zitatu zili zofanana. Thirayango yangayi yatsala pang'ono kukhala yotero. Euler anaonetsa kuti mtunda d wa pakati pa malikulu a maseko awiriwa umatsata d² = R(R − 2r). Kwa ine ndi 8.125 kuchulukitsa ndi 0.125, ndipo d imangopitirira sentimita imodzi pang'onong'ono. Pa katoni panga timabowo tiwiri ta singano ya kampasi tatalikirana motero. Ndikanadziwa zimenezi sabata yatha, r ya 2 ija ndikanaikayikira pomwepo, pakuti thirayango yonenepa chonchi singakhale ndi R yoposa r kanayi.

Madzulo ndinayesa yowonda: 13, 14 ndi 26. Eriya ikutsika kufika cha m'ma 47.3, r n'kukhala pafupifupi 1.8, koma R ikukwera mpaka 25, ndipo likulu la seko ya kunja likugwera kunja kwa thirayango chifukwa kona imodzi yaposa madigiri 90. Kenako mbali yaitali ija ndinaiwonjezera theka la sentimita, kukhala 26.5. R inalumpha kufika pa 35. Chifukwa chake n'chakuti s − c yatsika kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.25, eriya yafota, ndipo eriyayo ndi imene tikugawira. Mbaliyo ikafika 27, thirayango yagona pansi kukhala mzere, eriya ndi 0, R palibenso.

Choncho pa thirayango yowonda rula yanga ya pulasitiki sindiikhulupirira pofuna R, chifukwa kuphonya mamilimita awiri okha kumasuntha yankho ndi masentimita angapo. Seko ya rediyasi 35 sindinaijambule. Kampasi yanga sifika pamenepo, ndipo achimwene alonjeza kubweretsa kathabwa, msomali ndi pensulo ya ukalipentala Loweruka.