Makalata 180, oitanidwa 8: zomwe ndaphunzira pa kusefa ofunsira ntchito

Pa kosi ya kayendetsedwe ka antchito yomwe ndikuchita Loweruka lililonse pa boma la Dedza, aphunzitsi athu anatipatsa ntchito yoyeserera. Kopaletivi ya alimi a mbatata ya kachewere cha ku Bembeke ikufuna kalaliki wolemba katundu wolowa ndi wotuluka m'nyumba yosungiramo mbewu ndi feteleza. Pabwera makalata 180, ndipo komiti yakonza zofunsa anthu 6 okha pa tsiku la intavyu. Makalatawo anali opeka, koma ankafanana kwambiri ndi enieni.

Lamulo loyamba ndi lakuti miyezo ilembedwe envulopu isanatsegulidwe ngakhale imodzi, ndipo ichokere mu zomwe zinalengezedwa. Ukayamba wawerenga makalata, kenako n'kumalemba miyezo, umapezeka kuti ukusoka malaya a munthu amene wakusangalatsa kale. Miyezoyo imakhala ya mitundu iwiri. Ina ndi yoti munthu akapanda kukwanitsa watuluka basi: kwa ife inali satifiketi ya MSCE yokhala ndi kirediti ya masamu, kutanthauza mapointi 6 kapena ocheperapo pa phunzirolo, komanso kalata yofika tsiku lotseka lisanadutse. Apa sipafunika kuganiza, ndi inde kapena ayi, ndipo panatsala makalata 74. Aliyense wotuluka timamulembera chifukwa chake m'kaundula.

Tisanapitirire, mmodzi wa ife amene sankapereka nawo malikisi anaphimba dzina, chithunzi, mudzi ndi tsiku lobadwa pa kalata iliyonse, n'kulembapo nambala. Kuno kwathu dzina lokha limaulula zambiri. Ukangoliwerenga wayamba kale kuganiza ngati mwiniwake ndi Mngoni, Mchewa kapena Myawo, ngati amapemphera Lamulungu kapena Lachisanu, mwinanso kuti ndi mdzukulu wa amfumu akuti. Gawo 5 la lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kusankha munthu potengera zinthu monga mtundu, chipembedzo, chilankhulo, maganizo a ndale, ulumali, kukhala mkazi kapena mwamuna, kukhala pa banja kapena udindo wolera ana. Kuphimba mayina sikuthetsa zonse, poti dzina la sukulu limatha kuululabe kwawo kwa munthu, koma kumachotsa chiyeso chachikulu.

Mkangano weniweni unabuka pa mtundu wachiwiri wa miyezo, wopatsa malikisi. Tinagwirizana malikisi 10: luso la ntchito mpaka 4, maphunziro owonjezera a zowerengera ndalama kapena zosunga katundu mpaka 3, ndi kudziwa Excel mpaka 3. Aphunzitsi anati tisathamangire mulu wonse. Anthu awiri atenge makalata khumi mwachisawawa, aliyense apereke malikisi payekha osaonerana, kenako ayerekeze.

Pa makalata khumiwo panali nambala 41 ndi nambala 112. Nambala 112 anali ndi dipuloma, satifiketi ya kompyuta, ndipo anagwira zaka zinayi mu ofesi ina ku Lilongwe. Kalata yake inali yotayipa bwino, Chingerezi chosalala. Nambala 41 anali ndi kosi yaifupi ya zowerengera, ankadziwa kulowetsa manambala mu Excel, anakhala mlembi wa banki m'khonde zaka zitatu ku Linthipe, ndiponso nyengo ziwiri za dzinja ankalemba matumba a feteleza m'sitolo yogulitsa zipangizo za ulimi. Pa luso, bambo wina wa m'gulu lathu anapatsa nambala 112 malikisi 4, ndipo nambala 41 anamupatsa 1. Mayi amene ankagwira nawo anapatsa nambala 112 ziro, nambala 41 n'kumupatsa 4.

Aphunzitsi anawafunsa kuti, "Bambo, zaka zinayizo ankachita chiyani mu ofesimo?" Titawerenganso, tinapeza kuti ankalandira alendo ndi kuyankha foni. Palibe pomwe analembapo kuti anawerengapo katundu kapena kusunga buku. Bambowo sanali okondera mwadala ayi. Mawu akuti "luso la ntchito" tinangowasiya opanda tanthauzo, ndiye aliyense anaikamo lake: kwa iwo luso ndi ofesi ya mu mzinda, kwa mayiwo luso ndi buku la katundu.

Chokonza chake ndi kulemba chimene nambala iliyonse ikutanthauza, potchula chimene munthu ankachita, osati malo amene ankachitira. Tinabwerera ku ntchito yomwe inalengezedwa n'kulemba kuti ziro ndi wosasungapo buku la katundu kapena la ndalama. Malikisi 2 ndi amene anasungapo buku lotere nyengo imodzi kapena osakwana chaka. Malikisi 4 ndi amene anachita zimenezi nyengo ziwiri kapena kuposa, ndipo watchula munthu woti angamuikire umboni. Kaya ankalipidwa kapena ankangodzipereka, kaya ndi ku tchalitchi, ku mzikiti, kugolosale kapena kukampani, sizinalowe mu muyezo. Ndi tanthauzo limeneli, nambala 41 anachoka pa malikisi 4 omwe bambo aja anamupatsa onse pamodzi n'kufika pa 7, kutanthauza 4 za luso, 1 ya kosi ndi 2 za Excel. Nambala 112 anatsika kuchoka pa 10 kufika pa 6.

Wina angafunse kuti kodi kumeneku sikusintha malamulo mpira uli mkati? Funsolo ndi lomveka. N'chifukwa chake kukonzaku kumachitika kamodzi kokha, pa makalata khumi oyeserera aja, kumalembedwa, onse n'kusainira, ndipo khumiwo amabwezedwa mu mulu kuti apatsidwenso malikisi pamodzi ndi anzawo. Pambuyo pake muyezo sukhudzidwanso. Opereka malikisi akasiyana ndi 2 kapena kuposa pa muyezo umodzi, satenga nambala yapakati, amatsegula kalatayo n'kuonetsana mzere womwe aliyense watengapo umboni.

Pali zinthu zina zomwe zimakopa maso koma tinazikana. Chingerezi chokoma si umboni, chifukwa makalata ambiri amatayipidwa ndi anyamata a m'mashopu a fotokope, ndipo mutha kupeza asanu oyamba ndi chiganizo chimodzimodzi. Zaka zomwe munthu anakhala osagwira ntchito sizichotsa malikisi. Nthawi zambiri ndi mayi amene ankalera kapena kudwazika. Digiri nayo sitinaiwonjezere kanthu kuposa malikisi 3 a maphunziro, koma sitinamutayenso mwiniwake poganiza kuti adzathawa ntchito. Ine pa mfundo iyi ndimakayikabe pang'ono, poti kopaletivi yaing'ono imavutika kalaliki akachoka pakati pa nyengo yokolola, koma limenelo ndi funso lomufunsa munthuyo pamaso, osati kumuyankhira ali kwawo.

Titamaliza onse 74, anthu asanu anapeza 8 kapena kuposa, ndipo atatu anafanana pa 7, mmodzi mwa iwo ndi nambala 41. Mpando unatsala umodzi. Apa ndi pomwe mwana wa kwathu amalowera, chifukwa wina amangoti tiyeni tione mayina. Njira zoyenera ndi ziwiri: kuitana onse atatu kuti akhale 8, kapena kugwiritsa ntchito chosiyanitsa chomwe chinalembedwa poyamba pomwe, monga kutsogoza wa malikisi ambiri pa luso. Ife tinalibe chosiyanitsa cholembedwa, choncho tinaitana onse. Mayina anavundukulidwa mndandanda utasainidwa, ndipo apo mpomwe aliyense wa komiti amafunsidwa ngati ali ndi m'bale pa anthu 8 amenewo, kuti atuluke pa intavyu. M'kalata yowaitana tinalemba kuti abwere ndi masatifiketi enieni, osati mafotokope, ndiponso kuti padzakhala kuyesedwa kwa mphindi makumi awiri kolemba matumba olowa ndi otuluka m'buku, popeza malikisi onse aja anachokera pa zomwe anthuwo ananena okha papepala.