Masiku anayi kufunafuna mtundu wofiira wa khofi

Usiku wathawu ndagona mtima uli m'malo. Webusayiti ya muphwa wanga tsopano ikuonetsa zithunzi zake monga anazijambulira, ndipo vuto landidyera masiku anayi lija latheka ndi mzere umodzi wokha.

Mnyamatayu amajambula maukwati kuno ku Mzuzu, koma chimene akufuna n'kugwira ntchito ndi magazini ndi mabungwe akunja. Tinasankha zithunzi 24: asodzi a usipa ku Nkhata Bay m'bandakucha, zitenje za pamsika wa Taifa, nkhungu ya ku Chikangawa, ndi amayi akuthyola khofi. Chithunzi chilichonse chinali cha 6000 x 4000, pafupifupi 9 MB, moti tsamba lonse likanadya bandulo yopitirira 200 MB. Ndinazichepetsa kufika mapikiselo 1600 m'lifupi n'kuzisandutsa WebP pogwiritsa ntchito pulogalamu ya cwebp. Zinatsikira cha m'ma 250 KB chimodzi, tsamba n'kumatseguka msanga ngakhale netiweki ikamavuta ku Chibavi.

Nditamutumizira linki, anayimba pompopompo. "Amalume, izi si zithunzi zanga. Khofi wanga anali wofiira piriwiri, uyu akuoneka ngati wakhalitsa padzuwa." Ankanena zoona. Zitenje za ku Taifa zinali zitasuluka ngati zachapidwa chaka chathunthu, ndipo masamba obiriwira anali mbuu.

Tsiku loyamba ndinaganiza kuti ndazipanikiza kwambiri, ndiye ndinakweza `-q`, muyezo wa ubwino wa chithunzi mu cwebp, kuchoka pa 75 kufika pa 95. Mafayilo ananenepa, mitundu osasintha. Lachiwiri ndinkakayikira sikirini ya laputopu yanga, imene ndinagula kwa kaunjika kwa mkulu wina wa ku Luwinga amene amandisungira machaja ndi mabatire abwino. Ndi yomweyi ndinapangira webusayiti ya kwaya yathu chaka chatha, ndipo siinandikhumudwitsepo. Tinayesa mafoni atatu, onse chimodzimodzi. Lachitatu magetsi anathima tsiku lonse.

Dzulo m'pamene ndinamufunsa muphwa wanga mmene amatulutsira zithunzi mu Lightroom. Anati amasiya pa Adobe RGB chifukwa amazikonzera zosindikiza. Nkhani yonse inagona pamenepo. Adobe RGB imanyamula mitundu yambiri kuposa sRGB, ndiye manambala omwewo a pikiselo amatanthauza mtundu wosiyana m'ziwirizi. Chimene chimauza bulawuza kuti iwerenge motani ndi pulofayilo ya ICC yokhala mkati mwa fayilo. Koma cwebp, ukapanda kuiuza, imataya pulofayiloyo. Bulawuza ikapeza chithunzi chopanda pulofayilo imachitenga ngati sRGB, ndipo zofiira ndi zobiriwira zimafooka.

Ndinasiya cwebp n'kutenga ImageMagick, kuti ndiyambe ndasandutsa mitundu kukhala sRGB ndisanataye chilichonse. Zithunzi 19 zinakhala bwino, zisanu zinakana. Izi zinali zochokera mu kamera mwachindunji, zosadutsa mu Lightroom, ndipo mayina ake amayamba ndi `_MG_` m'malo mwa `IMG_`. Kamzere kapansi koyambirirako ndi chizindikiro chakuti kamera inali pa Adobe RGB. Kamera yake ya Canon siika pulofayilo mu JPEG yotero, imangolemba mu EXIF, mbali ya fayilo yosunga zokhudza kamera. Ukayang'ana ndi `exiftool -InteropIndex` umapeza `R03`. Tsono ImageMagick ikapatsidwa pulofayilo imodzi pa chithunzi chopanda yake, imangoimata osasandutsa kanthu. Pamafunika ziwiri, yochokera ndi yopitako:

```
magick _MG_0412.JPG -auto-orient \
  -profile AdobeRGB1998.icc -profile sRGB.icc \
  -resize 1600x -strip -quality 80 khofi.webp
```

Dongosolo lake musalisinthe. `-strip` ikalowa pakati pa ma `-profile` awiriwo ndiye mwabwerera pa vuto lomwe lija. Mukasiya `-auto-orient`, zithunzi zojambulidwa choimika zigona cham'mbali. Lamuloli ndi la zithunzi za Adobe RGB zokha. Mukalipatsa cha sRGB chopanda pulofayilo, nkhope za anthu zifiira mopyola.

`-strip` ndimaikonda chifukwa imafufuta GPS ngati ilimo, ndipo sindikufuna mlendo adziwe khomo la mayi wa khofi uja. Choipa chake n'chakuti imachotsanso dzina la wojambula m'fayilo, ndiye ndiyenera kulibwezera ndi exiftool.

Chimene chandipweteka mtima n'chakuti linki ija anali ataitumiza kale kwa mkonzi wina wakunja Lolemba, zithunzi zili zosuluka. Munthu wolemba ntchito ojambula amayamba kuona mitundu asanawerenge dzina. M'mawa uno muphwa wanga wabwera kunyumba, watsegula chithunzi cha khofi pafoni n'kuchiika pafupi ndi cha pa laputopu yake, wayang'ana kwa kanthawi, kenako wati, "Eya amalume, uyu ndiye wanga." Wati amulemberanso mkonziyo madzulo.

Chatsala ndi `srcset`, kuti foni izilandira zithunzi za 800 m'malo mwa 1600. Ndikufunanso malo achinsinsi oti makasitomala azisankhiramo zithunzi zawo, mwinanso sitolo yogulitsa zosindikiza mwezi usanathe, ngati tingapeze njira yolandirira ndalama zochokera kunja.