Loweruka ku Zolozolo, nkhani ya mkaka wa mbuzi

Lero ndinali pa ofu nde ndinakwera sakaramento wa ku Zolozolo kukaona alamu anga, akazi a mchimwene wanga wamng'ono, poti anandiimbira dzulo kuti mwana akukana phala. Kunja kunali kamvula kaja kowaza ka Mzuzu, ndinafika nditanyowa mapewa. Mwanayu ndi wamkazi, ali ndi chaka ndi miyezi isanu, anasiya kuyamwa miyezi ingapo yapitayo mayi ake atabwerera ku ntchito. Poyamba ankamupatsa mkaka wa ng'ombe, uja amayenda nawo panjinga m'zigubu m'mawa, koma akuti akamwa mimba imafufuma, mpweya, usiku kulira. Agogo ake atabwera kuchokera ku Ekwendeni anati musiyeni wa ng'ombeyo, mupezereni wa mbuzi. Anapezadi bambo wina cha kumtunda kwawoko amene ali ndi mbuzi zamkaka, zoyera zija za mtundu wa Saanen, ndipo mimba ya mwana inakhaladi pansi.

Ndisanafike pa vuto ndinene kaye kuti agogowo sananame. Ine kusikelo ndimamva anthu ena akunyoza mkaka wa mbuzi ngati ndi chinthu chachabe, ndipo zimandipweteka chifukwa ndi mkaka wabwino ndithu. Alamu anali ndi yonse iwiri m'nyumba, wa ng'ombe wothira mu tiyi wa akulu, wa mbuzi wa mwana, yonse yowiritsa dzulo madzulo, nde tinathira m'matambula awiri nkuyang'ana. Wa ng'ombe unali ndi kamtundu kachikasu pang'ono ndipo mafuta anali atayandama pamwamba. Wa mbuzi woyera kuti mbee, pamwamba pake kamafuta kochepa zedi. Alamu anati, "Mwaona alamu, wa mbuziwu ulibe mafuta, nchifukwa chake sumuvuta." Apa mpamene anthu ambiri amasochera. Mafuta alimo, kawirikawiri ochulukirapo pang'ono kuposa a ng'ombe zakuda ndi zoyera za Friesian zimene alimi ambiri a mkaka amaweta. Mu 100 ml ya mkaka wa mbuzi mumakhala mafuta cha m'ma magalamu 4, wa Friesian cha m'ma 3.5, ng'ombe ya Jersey ndiyo imatha kufika 5. Kungoti mafuta a mbuzi ali m'timadontho ting'onoting'ono tosagwirana, nde amangomwazikana mu mkaka monse osakwera pamwamba msanga. Kuyerako ndi nkhani ina, mbuzi imasandutsa chikasu cha m'masamba kukhala vitamini A isanachitumize ku mkaka pomwe ng'ombe imasiyamo china chili chomwecho.

Nditalawa, wa mbuziwo unali bwino, wonona, fungo lake lakutali kwambiri. Mchimwene wanga amakana ngakhale kuununkhiza, akuti anamwapo kumudzi ali mwana ndipo unkanunkha tonde. Fungolo lili ndi gwero lake. Mafuta a mbuzi ali ndi mitundu ina ya asidi yafungo yochuluka kuposa a ng'ombe, ndipo mkaka ukakhalitsa osawiritsa, pamalo potentha, kapena ukakhutchumuka kwambiri m'chigubu panjira, mafuta aja amayamba kusweka fungo nkutuluka. Kukamira pafupi ndi tonde kapena m'khola losasesa kumawonjezera. Bambo ogulitsawa akuti tonde amamumangirira kutali, amatsuka bere, amasefa pa nsalu yoyera nkubweretsa nthawi yomweyo, ndipo pakamwa panga panavomereza.

Za kugayika m'mimba, mkaka uliwonse ukafika m'mimba umagwirana ngati chambiko. Wa ng'ombe umagwirana zibuma zolimba, wa mbuzi zofewa zosachedwa kuphwanyika chifukwa puloteni ina yolimbitsa zibumazo ilimo yochepa, kuphatikiza timafuta tating'ono tija. Nchifukwa chake ana ena ngati wathuyu amaupeza wopepukirako. Koma shuga wa mu mkaka, lakitozi, alimo ndithu, wa mbuzi uli naye magalamu 4 ndi kakanthu pa 100 ml, wa ng'ombe pafupifupi 5, kusiyana kwake nkochepa. Mwana amene mimba yake ikulephereratu kugaya lakitozi, monga zimachitikira kwa kanthawi akangochira kutsegula m'mimba koopsa, wa mbuzi umutsegulanso.

Tsono vuto la mwana wathu. Ndinamutenga pamiyendo, ndinatambasula tizikhatho take, totuwa. Ndinakoka chikope cham'munsi, mkati motuwanso m'malo mofiira. Sakudwala malungo, sakutentha thupi, koma akungofuna kunyamulidwa, ndipo mu buku la sikelo mzere wagona miyezi iwiri. Ndinafunsa mtsikana wolera kuti amamwa kangati. Anati m'mawa, cha m'ma 10, masana akadzuka, ndi pogona, nthawi zina usikunso akalira. Kapu yake ya pulasitiki tinaiyeza ndi botolo la madzi la 500 ml, makapu awiri akudzaza botolo, nde kapu ndi 250 ml. Kanayi patsiku ndi lita yathunthu.

Ndinawawerengera alamu pa pepala chifukwa ndimafuna aone okha. Mwana wa msinkhu uwu amafuna mphamvu cha m'ma makalori 900 mpaka 1000 patsiku. Lita ya mkaka wa mbuzi ili ndi pafupifupi 700. Ndiye kuti pofika nthawi ya phala mimba ndi yodzaza kale, sakukana chifukwa chamwano ayi, wakhuta. Koma wakhuta chinthu chimene chilibe zopangira magazi. Ayironi amafuna mamiligalamu 7 patsiku, lita ya mkaka, kaya wa mbuzi kaya wa ng'ombe, siifika ngakhale miligalamu imodzi, ndipo kashiamu wambiri wa mu mkaka amatchinganso ayironi wa m'zakudya zina kuti asalowe bwino. Apa mikaka yonse iwiri ndi chimodzimodzi. Pamene wa mbuzi umagwa kwenikweni ndi pa foleti, vitamini yomwe ija amayi oyembekezera amalandira m'mapilitsi pamodzi ndi ayironi. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zitatu amafuna mamayikologalamu 150 patsiku. Lita ya wa ng'ombe imapereka cha m'ma 50, ya mbuzi cha m'ma 10 basi. Vitamini B12 nayenso mu wa mbuzi ndi wochepa poyerekeza ndi wa ng'ombe. Kuchepa magazi kwa ana okulira mkaka wa mbuzi wokhawokha madokotala anakudziwa kalekale, si zachilendo.

Alamu misozi inalengeza, anati, "Ndiye ndamupweteka ndekha mwana?" Ndinati ayi alamu, munaona mkaka ukumuyanja nde munamupatsa mokwanira, mayi aliyense akanatero. Anafunsa ngati ausiye. Ine ndinati asausiye, mkakawo ukumupatsa puloteni, mafuta ndi kashiamu zimene akufunika, ndipo mimba yake yaulandira. Chofunika ndi kuutsitsa ufike makapu awiri patsiku, osapitirira 500 ml, ndipo uzibwera pambuyo pa chakudya osati patsogolo. M'mawa ayambe ndi phala lothira nsinjiro kapena dzira, akamaliza amwe theka la kapu ya mkaka. Masana nsima yofewa ndi nyemba zopota ndi bonongwe kapena nkhwani kapena chisoso, masamba obiriwira ndi nyemba ndiwo ali ndi foleti wambiri, bola osawaphika mpaka kuda ndipo osathira soda. Kachiwindi ka nkhuku kamodzi pa sabata kamathandiza zonse zitatu, ayironi, foleti ndi B12. Usipa wosinja m'phala, peyala poti kuno mapeyala sasowa nyengo yake, nthochi, kachidutswa ka lalanje kapena papaya pambuyo pa nyemba kuti ayironi alowe bwino. Tiyi ayi, amatchinga ayironi. Usiku akalira amupatse madzi, masiku oyamba adzavuta ndithu koma njala ya phala ibwerera.

Ndinanenetsanso kuti Lolemba apite naye kuchipatala akamuyeze magazi ndi malungo, chifukwa kutuwa kwa zikhatho sikunena kuti chasowa ndi chiti, mwina ndi ayironi, mwina foleti, mwina njoka zam'mimba, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Asakagule okha mankhwala owonjezera magazi ku famase asanayezetse.

Tili mkati mophika nkhomaliro anabwera anebala awo, mayi wachitsikana ali ndi khanda la miyezi inayi kumbuyo ndi wina wa zaka ziwiri akumukoka chitenje. Anamva kuti pano mwana anachira ndi mkaka wa mbuzi nde amafuna nambala ya bambo aja. Nditafunsa, akuti wamkuluyo akangomwa mkaka wa ng'ombe kapena yogati pasanathe ola milomo imatupa, thupi lonse zidzolo zoyabwa, tsiku lina anasanza mpaka kubanika. Apa mtima unandigunda, ndinati mayi chonde musayese. Uyu si wa kufufuma mimba, uyu thupi lake likulimbana ndi puloteni ya mu mkaka, ndipo puloteni ya mbuzi imafanana kwambiri ndi ya ng'ombe moti ana oposa 9 mwa 10 aliwonse amene ali ndi vutoli wa mbuzi umawachitanso chimodzimodzi. Kusiyanitsa kwake, wa kufufuma zimathera m'mimba, mpweya, chimbudzi chamadzi, ndipo akamwa pang'ono nthawi zambiri sizimuvuta. Wa kutupa milomo, zidzolo, kupuma mokoka, ngakhale supuni imodzi imakwana kumuvulaza, ndipo akayamba kubanika nkuthamanga naye kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuti kuche. Ameneyu aonedwe ndi dokotala asanalawe mkaka wa nyama iliyonse.

Anafunsanso za khandalo poti akuona ngati m'mawere mwachepa. Ndinati miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ndi bere lokha, ndipo apitirize kuyamwitsa mpaka zaka ziwiri ngati angathe. Mkaka wa mbuzi ndi wa ng'ombe yonse ili ndi puloteni pafupifupi katatu kuposa wa m'mawere komanso mchere wambiri, impso za khanda sizingakwanitse, ndipo kusungunula ndi madzi sikukonza chifukwa zomwe zikusowamo zimangocheperachepera. Abwere kusikelo tione mmene akumuyikira kubere, kawirikawiri vuto limakhala pamenepo.

Madzulo bambo a mbuzi anatumiza mnyamata ndi mkaka wa mawa, ukadali wofunda. Mtsikana wolera amafuna kungoutenthetsa pang'ono poti akuti ndi wa pompano. Ndinamuimitsa, tinauthira m'poto woyera, kutakasa mpaka unawira nkukwera, kuphula, kuvindikira, poto nkumukhazika m'beseni la madzi ozizira kuti uzizire msanga, kenako mu fuliji. Mbuzi yooneka yathanzi imatha kukhala ndi buruselosisi, matenda ochotsa bere pa ziweto amene kwa munthu amabweretsa kutentha thupi kobwerezabwereza kosamva mankhwala a malungo, ndipo wa ng'ombe wosawiritsa umathanso kunyamula TB. Magetsi akazima usiku wonse, m'mawa auwiritsenso asanamupatse, ukasasa ausiye. Alamu agwirizana ndi bambowo kuti kuyambira mawa azibweretsa theka la lita m'malo mwa lita, ndalama yotsalayo ipite ku mazira ndi nyemba.