Lachinayi la malisiti a fizi

Lero ndi tsiku langa lopuma ku ntchito. Ndimati ndichape zovala kenako ndigoneko pang'ono, koma uthenga wa achimwene umene unalowa usiku unandidzutsa kusanache. Anajambula kapepala kochokera kusukulu ya ana anga ku Dedza. Akuti mtsikana wanga wa Fomu 3 ali ndi ngongole ya K310,000, ndipo tikapanda kulipira sabata ya mawa isanathe amubweza kunyumba mayeso a teremu asanayambe.

Ndinakhala pa bedi foni ili m'manja, mtima ukugunda. Ana anga awiri ali pasukulu imodzi ya pulaiveti, yogonera konko. Fizi ya mtsikana teremu ino ndi K450,000, ya mnyamata wa Fomu 1 ndi K420,000. Zonse pamodzi ndi K870,000. Kuchokera mu Januwale ndatumiza katatu, ndipo zimene zafika kumudzi ndi K850,000. M'mutu mwanga munali K20,000 yokha yotsala. Nanga K310,000 yachokera kuti?

Sindibisa, maganizo oyamba anapita pa achimwene. Kuno ku Joni nkhani za abale odya ndalama za fizi timazimva m'matakisi ngakhale kutchalitchi. Amayi a ku Ntcheu amene timakhala nawo nyumba imodzi kuno ku Rosettenville anandipeza ndikufufuza nambala yawo. "Amayi a mtsikana, musayimbe muli ndi mkwiyo," anatero. "Yalani mapepala kaye, kenako muyimbe muli ndi manambala." Ndinawamvera, ndipo madzulo ano ndikuwathokoza.

Ndinatenga kope latsopano. Tsamba lakumanzere la mtsikana, lakumanja la mnyamata. Kale ndinkalemba "fizi ya ana" pamzere umodzi, ndipo cholakwa changa chachikulu chinali chimenecho. Kusukulu mwana aliyense ali ndi tsamba lake m'buku la ndalama, ngakhale atabadwa m'mimba imodzi. Pa tsamba lililonse ndinajambula mizere isanu: tsiku, nambala ya lisiti, teremu imene yalipiridwa, ndalama, ndi zotsala. Zonse mu makwacha. Marandi ndawasiya pambali, chifukwa R2,000 ya mu Januwale ndi R2,000 ya mu Malichi sizifika kumudzi zili zofanana, mtengo wosinthira umayenda tsiku ndi tsiku. Sukulu sidziwa randi.

Kenako ndinalowa mu WhatsApp, pa dzina la achimwene, pamalo olembedwa Media, links, and docs. Zithunzi zake ndi zosakanikirana: chimanga cha m'munda, maliro a azakhali, denga la khitchini, ndi mapepala. Ndinasankha mapepala okhaokha kuyambira Seputembala, pamene chaka cha sukulu chinayamba kumudzi. Nditawayala ndinaona kuti ulendo umodzi wa ndalama umabala mapepala atatu. Loyamba ndi langa, la ku Mukuru, losonyeza kuti ndatumiza zakutizakuti ndipo achimwene alandira makwacha akutiakuti. Lachiwiri ndi silipi ya ku banki, yosonyeza kuti ndalama zalowa mu akaunti ya sukulu. Lachitatu ndi lisiti la sukulu, lokhala ndi nambala yofiira pakona, dzina la mwana ndi chidindo. Ine zaka zonsezi ndimawerengera pepala loyamba. Sukulu imawerengera lachitatu lokha.

Ndalama zoyamba zinali za pa 8 Januwale, K400,000. Apa achimwene anachita bwino: masilipi awiri, K200,000 aliyense, malisiti awirinso. La mnyamata linali loyera, ndinalemba K200,000, zotsala K220,000. La mtsikana ndinachita kulikulitsa ndi zala, chifukwa cholembera chake ndi chabuluu chosaoneka bwino ndipo chala cha achimwene chinaphimba kona. Pansi pa dzina panali mizere iwiri. Wina wa K140,000, teremu yachiwiri. Wina wa K60,000, ndipo pambali pake akalaliki analemba kuti ndi zotsalira za teremu yoyamba.

Ndinabwerera m'malisiti a Okutobala ndi Novembala, ndikuwonkhetsa. Zinali zoona. Teremu yatha sitinamalize, panatsala K60,000, ndipo ine m'chipwirikiti cha Disembala ndinaiwala. Lisitili ndinaliona mu Januwale momwemo, koma ndinangoyang'ana nambala yaikulu ya pansi n'kuyankha kuti zikomo. Sukulu ikalandira ndalama imayamba yatseka ngongole yakale. Ndiye tsamba la mtsikana silimayenera kuyamba ndi K450,000, limayenera kuyamba ndi K510,000. Ndinafufuta, ndikulembanso: K510,000, kuchotsa K200,000, zotsala K310,000. Nambala ya pa kapepala kaja inatulukira pomwepo, ndendende. Zinandiuza chinthu chimodzi: m'buku la sukulu, kuchokera pa 8 Januwale palibe tambala ina imene yalowa pa dzina la mwana wanga wamkazi.

Ndalama zachiwiri, K300,000 za pa 3 Febuluwale. Ndinawauza achimwene kuti agawe pakati. Koma pa chithunzi pali silipi imodzi yokha, ndipo pamalo olemba za wolipiridwa pali dzina la mnyamata ndi la bambo ake. Lisiti limodzinso, K300,000 yonse pa mnyamata. Akalaliki sangalote kuti mayi ali ku Joni amafuna theka lipite kwa mlongo wake. Tsamba la mnyamata ndiye linaonetsa K500,000 yolipiridwa pa fizi ya K420,000. Wapitirira ndi K80,000, mlongo wake akuuzidwa kuti alongedze katundu.

Apa ndinatsala pang'ono kusokonezanso. Lisiti la K300,000 linaoneka kawiri, lina litayalidwa pa mphasa, lina pa tebulo, masiku anayi pakati pake. Ndinasangalala kuti mwina lachiwirilo ndi la mtsikana. Nambala yofiira ija ndiyo inandibweza: inali imodzi pa zithunzi zonse ziwiri. Achimwene anangojambulanso chifukwa choyamba chinali chamdima. N'chifukwa chake mzere wa nambala ya lisiti sindiusiyanso wopanda kanthu.

Zachitatu, K150,000 za pa 2 Malichi, zinalibe lisiti n'komwe. Ndinapeza silipi yokha, ya K120,000, pa dzina la mtsikana. Ndi ya pepala lopyapyala lija la m'makina, ndipo pa chithunzi zilembo zayamba kale kufufutika m'mbali. Mapepala amenewa sakhalitsa, makamaka akakhala m'thumba la malaya kapena padzuwa. Miyezi ingapo ikapita umatsala ndi pepala loyera.

Nthawi ili cha m'ma 11 ndinayimba. Ubwino wake nthawi ya kuno ndi ya kumudzi ndi imodzi.

"Achimwene, mwadzuka bwanji? Silipi ya pa 2 Malichi munapita nayo kusukulu?"

"Iyayi achemwali, ili m'Baibulo muno. Ndimati poti ndalama zalowa ku banki, iwo aziona okha."

"Nanga K30,000 inayo?"

"Mwana anatumiza uthenga kuti sopo, shuga ndi makope zamuthera. Ndinagula, ndi thiransipoti yokaperekera. Ndinakuuzani pa uthenga wa mawu uja."

Ndinaufufuza uthengawo ndipo ulipodi, wa mphindi zitatu, umene ndinamvera ndili m'takisi yochokera ku Bree ndi phokoso lonse lija. Ndinachita manyazi ndi maganizo anga a m'mawa. Munthuyu amasiya munda wake, n'kukaima pamzere ku banki chifukwa cha ana anga, osalandira kanthu.

Za kuti "aziona okha" ndinawafotokozera mofatsa. Mu akaunti ya sukulu mumalowa ndalama za makolo ambirimbiri, zina zofanana, tsiku limodzi. Pasukulu ya ana angayi, mpaka munthu atafika ndi silipi pa windo n'kunena kuti iyi ndi ya wakuti wa Fomu yakuti, ndalamazo zimangokhala zopanda mwini.

Tsopano masamu anakhala chonchi. Sukulu ikuti K310,000. Silipi ya m'Baibulo ikasanduka lisiti, zitsala K190,000. K80,000 yopitirira ya mnyamata ikasamutsidwa, zitsala K110,000. Ndinayesanso mbali ina kuti nditsimikize: ine ndimati K20,000, kuwonjeza K60,000 ya teremu yatha imene ndinaiwala, kuwonjeza K30,000 ya sopo ndi shuga imene sinafike kusukulu. Yankho lomwelo, K110,000. Njira ziwiri zitakumana pa nambala imodzi m'pamene ndinaika madzi a tiyi pa moto.

Masana ndinapeza akalaliki a ku ofesi ya ndalama pa foni. Ndinalankhula kope lili pamwendo, ndikutchula nambala ya lisiti lililonse ndi tsiku lake, iwo akutsegula buku lawo. Sitinakangane. Anandifunsa ngati ndikufuna K300,000 ija igawidwe pakati monga ndinkafunira poyamba, kapena asamutse yopitirira yokha. Ndinaganizira. Akagawa pakati, mnyamata atsala ndi K70,000, mtsikana K40,000. Ndalama ndi yomweyo, koma ana onse awiri akhala pa mndandanda wa angongole, ndipo mayina amenewa amawerengedwa anzawo akumva. Ndinasankha kusamutsa K80,000 yokha. Mnyamata, amene ndi chaka chake choyamba kukhala kutali ndi agogo ake, amalize, ngongole ikhale pa tsamba limodzi limene ndilitseke mwezi ukatha.

Anati kusamutsa sangachite ndi mawu a pa foni, akufuna kalata ya kholo kapena woyang'anira ana. Ndi zoona, mawa wina akhoza kukana. Ndalemba pa pepala mayina onse a ana, Fomu, nambala ya lisiti la pa 3 Febuluwale ndi K80,000 m'manambala ndi m'mawu, ndasayina, ndajambula. Achimwene akopera ndi dzanja lawo, asayinenso, ndipo mawa m'mawa apita nayo pamodzi ndi silipi. Ndawapempha zinthu ziwiri pobwerera: lisiti la K120,000, ndi kapepala kosonyeza zotsala za mwana aliyense payekha, kokhala ndi chidindo. Pojambula ayale pa tebulo, kuwala kuli kokwanira, makona onse anayi aoneke.

Ndafunsanso ngati fizi ya teremu yachitatu isintha. Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndinasiya kuganiza kuti nambala ya teremu ino ndi ya teremu ya mawa. Akuti kalata ibwera ndi ana potsekera. Pamwamba pa masamba atsopano ndasiya malo awiri opanda kanthu, ena a fizi ya pa kalatayo, ena a zotsalira.

Zovala sindinachape. Amayi a ku Ntcheu abwera ndi foni yawo pamene ndimatseka kope. Ali ndi ana atatu pa sukulu ziwiri, ndipo zithunzi zawo za malisiti zili kwa alamu awo ndi kwa mphwawo. Tagwirizana Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, iwo agule kope.