Kalata yomwe ndinalemba Lachinayi yokhudza chithunzi ndi nyumba

Ndine wojambula mapulani a nyumba, ndipo sabata yathayi masiku awiri oyamba anangotha ndi ntchito za nthawi zonse: kukonza mndandanda wa zitseko ndi mazenera a nyumba ina, kuyankha mafunso a kontirakitala, ndiponso kudikira ziwerengero za injiniya zomwe zinachedwa. Chomwe chandipangitsa kulemba ndi zimene zinachitika Lachitatu pa nyumba yosanja yomwe tikumangira banja lina.

Tsikulo amisiri anali atachotsa matabwa a m'mbali omwe anathiramo konkire, ndipo bimu ya pamwamba pa khomo lalikulu la pabalaza inaonekera koyamba. Mwini nyumba anaima pansi pake, natulutsa foni, n'kundionetsa chithunzi chomwe ofesi yathu inawatumizira miyezi 8 yapitayo. Pachithunzipo galasi linkayambira pansi mpaka kukagunda siling'i, popanda bimu kapena chipilala. Anandifunsa modekha, koma mawu awo akunjenjemera, kuti, "Kodi nyumba yomwe munationetsa ija ili kuti?" Mayi wa m'nyumbamo sanayankhule kanthu, ankangoyang'ana konkireyo.

Mtima unandipweteka chifukwa chithunzicho sichinadutse m'manja mwanga. Akuluakulu a mu ofesi anatenga maonekedwe a nyumba omwe tinajambula pa kompyuta, nawapereka ku pulogalamu ya nzeru zopangidwa yomwe imajambulanso chithunzi kuti chikongole, ndipo anachitumiza kwa banjalo injiniya asanawerengere chilichonse, popandanso mawu ochenjeza pansi pake. Pulogalamu yotereyi siwerengera kulemera kwa silabu. Imatsanzira maonekedwe a zithunzi zambirimbiri zomwe inaphunzirirapo, choncho imafufuta bimu ndi kuchepetsa mafulemu popanda wina kuiuza. Banjali linasayina mapulani olondola omwe akuonetsa bimuyo, koma tonse pantchitoyi tikudziwa kuti kasitomala sawerenga pulani yodula nyumba pakati; amakhulupirira chithunzi. Kalata yofotokoza inagwera ine, ndipo ndinailemba motere.

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Ndikupepesa kuti chithunzi chomwe tinakutumizirani chinakupatsani chiyembekezo chomwe nyumba yeniyeni singakwaniritse chonse, ndipo kulakwa ndi kwa ofesi yathu chifukwa sitinakufotokozereni izi pa nthawi yake. Chithunzicho chinapangidwa ndi kompyuta kuti chionetse lingaliro la nyumba, pomwe amisiri amamanga potsatira mapulani okhala ndi miyeso, omwe ndi gawo la mgwirizano wanu ndi kontirakitala.

Ndiyambe ndi bimu yomwe inakukhumudwitsani. Khomo la pabalaza ndi la mamita 7.2 mulifupi popanda chipilala pakati, ndipo pamwamba pake pali silabu ndi makoma a zipinda zam'mwamba. Bimu ya konkire yonyamula katundu wotere imafunika kuya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 12 a kutalika kwake, ndipo injiniya atawerengera anapeza mamilimita 600. Mwa amenewa, mamilimita 150 abisika m'silabu, ndipo 450 otsalawo ndi omwe munawaona akutsikira pansi. Kuchokera pansi kufika ku siling'i ndi mamita 3, kotero galasi lanu lidzakhala lalitali mamita 2.55, osati mamita 3 monga pachithunzi. Bimu yocheperapo ikanapindika pakati pang'onopang'ono m'kupita kwa zaka, n'kuyamba kupanikiza mafulemu mpaka zitseko zotsetsereka kukana kutseguka, ndipo pulasitala wa zipinda zam'mwamba akanachita ming'alu. Tikanaika chipilala pakati, mbali iliyonse ikanakhala mamita 3.6 ndipo bimu ikanachepa ndi pafupifupi theka, koma chipilalacho chikanaima pomwe mumafuna kuonera kunja. Tsopano konkire yathiridwa kale, ndipo sindikulangizani kuti tiigumule kapena kuisema, chifukwa zitsulo zomwe zimanyamula katundu zili m'munsi mwa bimuyo. Chomwe tingachite ndi kutsitsa siling'i ya mbali ya kuzenera kuti ifanane ndi pansi pa bimu, kuti mukakhala m'kati muziona galasi likugunda siling'i monga munkafunira. Ndaphatikiza chojambula cha zimenezi kuti muchione musanasankhe.

Galasi nalonso silidzakhala limodzi. Tidzaligawa m'zigawo zinayi za mamita 1.8, ndipo pakati pa zigawozo padzakhala mafulemu ooneka ndi maso, chifukwa galasi lalikulu chotero liyenera kupirira mphepo, kunyamulidwa kufika pamalopo, ndiponso kusinthidwa likasweka.

Mudzaonanso kuti pabalaza pakuoneka pang'ono kuyerekeza ndi pachithunzi, ngakhale miyeso yake sinasinthe. Zithunzi zoterezi zimajambulidwa ngati ndi kamera yoona mbali yaikulu nthawi imodzi, yomwe imakankhira kutali khoma lakutsogolo. Mungatsimikize nokha kuti chithunzicho sichisunga miyeso mukawerenga masitepe: pachithunzi alipo 14, pomwe kukwera mamita 3.15 kufika pansanjika yam'mwamba kukufuna masitepe 18 a mamilimita 175 lililonse. Masitepe 14 akanakhala a mamilimita 225, omwe ndi otopetsa ndiponso oopsa kwa ana ndi okalamba.

Za mtundu wa penti, musadalire foni, chifukwa foni imatulutsa kuwala kwake pomwe khoma limangobweza kuwala komwe lalandira, ndipo penti imodzimodziyo imaoneka mosiyana m'mawa ndi madzulo. Ndapempha kapitawo kuti apake mitundu itatu pakhoma lakunja, uliwonse mita imodzi mulitali ndi mulifupi, kuti muione itauma pa nthawi zosiyana musanasankhe. Mapaipi otsitsa madzi a mvula ndi paipi yotulutsa mpweya wa kuchimbudzi, zomwe palibe pachithunzi, zidzakhalapo, ndipo ndazizunguliza ndi cholembera chofiira pa pulani ya kutsogolo kwa nyumba.

Ndikupempha kuti tikumane pamalopo ndi tepi yoyezera, tiyende chipinda ndi chipinda mapulani ali m'manja, ndipo chilichonse chomwe simukuchimvetsa ndidzachijambula ndi choko pansi kapena pakhoma.

Ndine wanu,
Wojambula mapulani a nyumba yanu.

Kalatayi inanditengera pafupifupi tsiku lonse, makamaka chifukwa ndinaika chithunzicho pambali pa mapulani n'kuwerenga kusiyana kulikonse, ndipo ndinapeza malo 11, ngakhale m'kalatamo ndinalembamo okhawo omwe banjali lidzawaone ndi maso. Nditaipereka kwa akuluakulu kuti aione, anafuna kuti ndichotse chiganizo chopepesa, ati chikhoza kutivuta ngati nkhaniyi itafika pa mlandu. Ndinakana, chifukwa anthuwa anapanga chisankho cha ndalama zawo potsatira chithunzi chomwe ife tinawapatsa, ndipo kalata yongofotokoza za konkire popanda kuvomereza zimenezi ikanakhala yowanyoza. Titakambirana kwa nthawi yaitali anavomera kuti ipite momwe inalili.

Lachisanu m'mawa ndinapempha kuti chithunzi chilichonse chisanatuluke mu ofesi chizifanizidwa ndi mapulani ndi munthu amene akuyang'anira ntchitoyo, ndiponso kuti chizikhala ndi tsiku lomwe chinapangidwa ndi mawu onena kuti si pulani yomangira. Anandiyankha kuti zimenezi zichedwetsa kupeza makasitomala ndipo tidzakambirana mwezi wa mawa. Masana mwini nyumba anaimba foni kunena kuti kalata ailandira, avomereza zotsitsa siling'i, ndipo akufuna tikumane Lolemba m'mawa amisiri asanayambe makoma am'mwamba. Ndikuweruka ndinaona pa kompyuta ya mnzanga chithunzi china cha nyumba yomwe injiniya sanaionebe, chili ndi khonde lotuluka kunja mamita oposa awiri pa silabu yopyapyala ngati thabwa, ndipo chinali chitatumizidwa kale kwa eni ake.