Mmene ndimawerengera mphamvu ya latisi, ndi chifukwa chake MgCl sapezeka m'botolo

Mphamvu ya latisi ndi mphamvu imene imatuluka ma ayoni, ndiko kuti ma atomu amene ataya kapena kulandira elekitironi n'kukhala ndi chaji, akagwirana mwadongosolo kukhala mchere wolimba. Palibe chipangizo chimene chimaiyeza mwachindunji. Kuti zitheke, mungafunike kutenga ma ayoni a sodiyamu ali mpweya, ma ayoni a kolorini ali mpweya nawonso, n'kuwakumanitsa kuti agwirane akhale mchere wolimba, inu mukuyeza kutentha kumene kukutuluka. Mu labotale zimenezi sizichitika. Ndiye timalambalala, kutsata njira imene Max Born ndi Fritz Haber anaikonza mu 1919. Maziko ake ndi lamulo la Hess la 1840: mukayamba ndi zinthu zomwezo n'kumalizira pa chinthu chomwecho, mphamvu yonse yolowa kapena kutuluka imakhala yofanana, kaya mwadutsa njira yachidule kapena yotalika.

Ndimayamba ndi mchere wa patebulo, NaCl, chifukwa manambala ake ndi odziwika bwino. Njira yachidule ndi iyi: chitsulo cha sodiyamu chikumana ndi mpweya wa kolorini, mchere n'kupangika. Kutentha kotuluka pamenepa kumayezeka, ndipo ndi −411 kJ/mol, kutanthauza ma kilojulo pa molo imodzi, umene ndi muyezo wa kuchuluka kwa chinthu; manambala ena a mphamvu m'munsimu ali m'muyezo womwewu. Chizindikiro chochotseracho chikutanthauza kuti mphamvu yatuluka.

Njira yotalika ndimaitenga pang'onopang'ono, ndipo pa sitepe iliyonse ndimadzifunsa ngati ndikulipira mphamvu kapena ndikulandira. Kusandutsa chitsulo cha sodiyamu kukhala ma atomu oyandama paokhapaokha kumadya +107. Kuthothola elekitironi imodzi pa atomu iliyonse kuti ikhale Na⁺ kumadya +496. Kolorini amabwera awiriawiri ngati Cl₂, ndipo kudula mgwirizano wawo kumafuna pafupifupi 244, koma NaCl imafuna atomu imodzi yokha, choncho ndimalemba theka lake, +122. Atomu ya kolorini ikalandira elekitironi ija, mphamvu imatuluka: −349. Pofika apa ndili ndi Na⁺ ndi Cl⁻, onse ali mpweya. Chatsala ndi kugwirana kwawo, ndipo imeneyo ndiyo mphamvu ya latisi, imene ndimaitcha U.

```
107 + 496 + 122 − 349 + U = −411
376 + U = −411
U = −787 kJ/mol
```

Taonani 376 ameneyo. Kupanga ma ayoni pakokha n'kuluza: elekitironi ikachoka pa sodiyamu kupita pa kolorini, mphamvu yolipira imaposa yolandira. Anthu amakonda kunena kuti sodiyamu "amafuna" kutaya elekitironi yake, koma manambalawa akukana. Chimene chimapangitsa kuti mcherewo ukhalepo ndi 787 amene amatuluka ma ayoni akafola mwadongosolo, Na⁺ aliyense atazunguliridwa ndi ma Cl⁻ 6, ndipo Cl⁻ aliyense ndi ma Na⁺ 6.

Ndisanapitirire ndimayang'ana zinthu ziwiri. Choyamba ndi chizindikiro. Mabuku ena amatanthauzira mphamvu ya latisi ngati yophwasulira mchere, ndiye amalemba +787, pamene ena amaitenga ngati yotuluka pomanga, n'kulemba −787. Onse akulondola, bola musasakanize matanthauzo awiriwa pa tsamba limodzi. Chachiwiri ndi kukula kwa yankho. Mchere wa ma ayoni a 1+ ndi 1− kawirikawiri umagwera pakati pa 600 ndi 1050. Yankho la NaCl likatuluka −909, ndiye kuti 244 walembedwa wathunthu osagawidwa. Likatuluka −1485, ndiye kuti 349 waphatikizidwa m'malo mochotsedwa.

Pamene njirayi imandikoma kwambiri ndi pa funso la maginiziyamu. Kuchotsa elekitironi yoyamba pa Mg kumadya 738, yachiwiri 1451. Ngati yachiwiriyo ndi yodula chonchi, bwanji maginiziyamu samangoimira pa Mg⁺ n'kupanga MgCl?

Ndimayamba ndi MgCl₂, amene alipo ndipo kutentha kwa kupangika kwake kunayezedwa, −641. Kusandutsa chitsulocho kukhala ma atomu ndi +148. Ma elekitironi awiri aja ndi 738 ndi 1451, zonse ziwiri, osati yachiwiri yokha. Tsopano kolorini akufunika awiri, choncho 244 akulowa wathunthu, ndipo 349 akubwera kawiri, kukhala −698.

```
148 + 738 + 1451 + 244 − 698 = 1883
U = −641 − 1883 = −2524 kJ/mol
```

Latisiyi yaposa ya NaCl kupitirira katatu. Kukokana kwa ma ayoni kumakula chaji ikakula komanso mtunda wa pakati pawo ukachepa, ndipo Mg²⁺ ali nazo zonse ziwiri: chaji yake ndi 2+, ndiponso ndi wamng'ono kuposa Na⁺. Kuwonjezera apo, ma Cl⁻ okokedwa ndi awiri pa maginiziyamu aliyense.

Kwa MgCl ndimatembenuza ntchitoyo. Palibe kutentha kwa kupangika koti ndiwerenge m'buku, popeza mcherewu sunasungidwepo m'botolo. Ndiye ndimabwereka latisi ya mchere wofanana nawo pa chaji, NaCl, n'kufunafuna kutentha kwa kupangikako.

```
148 + 738 + 122 − 349 = 659
659 − 787 = −128 kJ/mol
```

Yankholi limadabwitsa ambiri, chifukwa lili ndi chizindikiro chochotsera. MgCl akanapangika kuchokera ku chitsulo ndi kolorini, mphamvu ikanatuluka ndithu. Ndiye kunena kuti "ndi wosakhazikika" osatchula kuti poyerekeza ndi chiyani, n'kulankhula theka la nkhani. Poyerekeza ndi Mg ndi Cl₂, iye ali pabwino. Vuto lake n'lakuti pali malo ena otsika kwambiri kumene angagwere: ma MgCl awiri angasanduke MgCl₂ mmodzi ndi chitsulo cha Mg. Kumanzere kuli −256, kumanja −641, ndiye kusinthaku kumatulutsa 385 kJ. N'chifukwa chake sakhalitsa.

Zili ngati wamalonda amene waika mpamba wochuluka pa katundu woyenda malonda: 1451 uja ndi wowawa polipira, koma latisi yakwera kuchoka pa 787 kufika pa 2524, ndipo kolorini wachiwiri wabweretsanso kake. Mukafuna kupitiriza mpaka MgCl₃, zinthu zimaipa. Elekitironi yachitatu imachokera m'chigoba chamkati, pafupi ndi phata la atomu, ndipo imadya pafupifupi 7730. Palibe latisi ya kolorini imene ingabweze zimenezo. Apa mpamene ndimaonera kuti kukula kwa latisi pakokha sikugamula mlandu: ya MgCl₃ ikanakhala yaikulu kuposa zonsezi, koma mcherewo kulibe.

Mawerengedwe onsewa ndi a kutentha kokha, sanawerengere entirope, imene ndi muyezo wa kumwazikana kwa tizidutswa ta chinthu ndi mphamvu yake. Pa kusintha kwa MgCl kukhala MgCl₂ ndi Mg sizindidetsa nkhawa, chifukwa mbali zonse ndi zinthu zolimba, ndipo kusiyana kwa entirope n'kochepa kwambiri pambali pa 385.

Chimene ndimachiyesa mosamala ndi nambala yobwereka ija, popeza Mg⁺ si Na⁺. Ndimafunsa kuti latisi ya MgCl ikanayenera kukula kufika pati kuti mcherewu usasanduke. Kutentha kwa kupangika kwake kukanayenera kufika pa theka la −641, pafupifupi −320, kutanthauza latisi ya pafupifupi −980. Koma LiCl, mchere wa lithiyamu, amene ayoni yake Li⁺ ndi yaing'ono kwambiri m'gulu la sodiyamu, latisi yake ndi pafupifupi −850 basi. Mg⁺ akadali ndi elekitironi m'chigoba chachitatu, choncho sangachepe kuposa Li⁺, ndipo −980 sangaifike.