Sipichi ya tsiku la masatifiketi

Sabata yathayi sindinagone bwino ine. Lolemba anzanga a mkalasi anandisankha kuti ndikayankhule mmalo mwa gulu lathu lonse la alangizi a zaumoyo pa mwambo wolandira masatifiketi, mphindi zisanu basi anatero aphunzitsi, osapyola.

Lachiwiri ndinalemba mapeji awiri odzadza ndi kuthokoza, nditawerengera mnzanga wa mchipinda anangoti "achemwali, zimenezi aliyense anena, inu kanenenitu zomwe tinaona ku pulakitiko". Ndinang'amba pepala lija.

Ndiye Lachitatu ndinalemba za mwana mmodzi wa miyezi 8 yemwe mayi ake anabwera naye ku kiliniki ya mmudzi akutsokomola masiku atatu. Ine ndi phuma ndinatenga taimala nkuyamba kuwerenga mpweya mwana akulira, ndinapeza 64. Bambo amene ankatiyang'anira anandigwira dzanja, amvekere dikirani kaye, mwana wolira sawerengedwa, mayi amuyamwitse atonthole. Atakhala phee tinakweza kamalaya nkuwerenganso mphindi yathunthu, 54. Kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11 malire ndi 50, kuyambira chaka chimodzi mpaka zisanu ndi 40, ndiye uyu anali akupumabe mothamanga, chizindikiro cha chibayo. Kenako tinayang'ana mmunsi mwa nthiti ngati pakulowa mkati akamakoka mpweya, sipamalowa, amayamwa bwinobwino, sanakomoke, sakusanza chilichonse. Pakanapezeka chimodzi mwa izi bwenzi tikulemba kalata yoti athamangire naye kuchipatala. Tinamupatsa amokisilini wa masiku asanu, woyambayo anamwera pomwepo ife tikuona, ndipo tinawauza mayi abwerenso naye pakatha masiku atatu. Anabweradi, mpweya utatsika kufika 42.

Lachinayi kunali kuyeserera kuguba ndi kusita yunifolomu, palibe zambiri.

Lachisanu ndiye tsikulo. Manja amanjenjemera koma nditafika pa nkhani ya mwana uja holo inangoti zii, ndinaona azimayi ena kumbuyo akugwedeza mitu. Apa mpamene ndinatembenukira kwa akuluakulu nkunena pempho lathu mwaulemu koma mosabisa. Ndinati ndondomeko ya boma imati mlangizi mmodzi azisamalira anthu 1,000, ife takonzeka kukakhala kumidziko, koma kuwerenga mpweya kumafuna taimala yogwira ntchito, ndipo ukapeza 54 bokosi la mankhwala lili gwaa mayi uja umangomutumiza ulendo wa makilomita ambiri wapansi mwana ali kumsana. Ndinapempha zitatu zokha, mankhwala asamathe mbokosi, njinga zolimba, ndi otiyang'anira azitiyendera pafupipafupi chifukwa amene anandigwira dzanja uja ndi amene anandiphunzitsa ntchito.

Ndinapyola ndi mphindi imodzi, palibe anandiletsa. Mayi anga anabwera kuchokera kumudzi, satifiketi yanga anaikulunga mchitenje okha kuti isapindike mminibasi.